Khosi ndi m'khwapa zada, ndakhula mpaka kusupuka koma sizikuchoka

Nachisale: Mwaswera bwanji amayi ndi abambo pa gulu pano. Ndili ndi vuto lomwe ndakhala ndikuchita nalo manyazi kufunsa, koma lafika pondisowetsa mtendere. Kumbuyo kwa khosi langa kwada kwambiri, mzere wakuda ngati ndavala mkanda, ndipo m'khwapa namonso ndi chimodzimodzi. Zinayamba pang'onopang'ono nditabereka mwana wachiwiri, pano patha zaka ziwiri. Ndimasamba kawiri pa tsiku, ndimakhula ndi chinkhupule, nthawi zina ndi kamwala kokhulira mapazi. Sabata yatha ndinapaka mandimu osakaniza ndi soda m'khwapa mpaka munasupuka, ndipo pamene papola pada kuposa kale. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti tsiku lina mayi wondiluka tsitsi anandinong'oneza kuti ndizisamba bwino kukhosi. Ndinabwerera kunyumba misozi ili chilengelenge. Mng'ono wanga ali ndi chinkhoswe miyezi iwiri ikubwerayi ndipo diresi yomwe tasoketsa ndi yopanda manja. Ndipake chiyani anzanga?

Make Tadala: Pepani asisi. Mandimu ndi soda siyani lero lomwe, inenso zinandiotchapo. Koma m'khwapamo ndi rolooni ameneyo, ndikukuuzani. Ine nditasiya rolooni munayera. Pa khosipo yesani shuga wosakaniza ndi uchi, muzitikita katatu pa sabata, amachotsa khungu lakufa.

Anaphiri: Musavutike, pali mafuta osakaniza omwe amayi ambiri akugula kumsika. Amasakaniza katchubu kakang'ono m'botolo la mafuta odzola. Masabata awiri okha khosi limafanana ndi nkhope. Chinkhoswe chisanafike mudzakhala mwasintha.

Esime ku Joni: Anaphiri, chonde chonde. Mafuta amenewo ndiwo anandiwononga ine. Ndilemba bwino ndikaweruka, ndili pa ntchito. Nachisale musagule kanthu musanandimve.

Nabanda: Nachisale, ine ndi namwino, ndipo makosi oterowo ndimawaona pafupifupi sabata iliyonse. Tisanakambe zopaka ndikufuna mundiyankhe mafunso angapo, chifukwa khungu lakuda m'malo amenewa lili ndi zoyambitsa zosiyana, ndipo chothandiza china chimawononga chinzake. Gwirani pakhosipo ndi chala mutatsinzina. Kodi pakumveka chimodzimodzi ndi khungu la pambali, kapena pakhuthala, pali timizere, pofewa ngati nsalu ya veleveti? Kodi pali tinyama ting'onoting'ono tolendewera pakhosi kapena m'khwapa? Thupi lasintha bwanji zaka ziwirizi? Kwanu alipo wa matenda a shuga? Ndipo pali mankhwala omwe mukumwa kapena kubayitsa?

Nachisale: Anesi, ndagwira. Pakhuthaladi, pali timizere ngati khungu la pa chigongono koma pofewa. Tinyamato tilipo titatu kumanzere kwa khosi, ndimayesa njerewere. Ku sikelo ya mimba yoyamba ndinali ndi makilogalamu 66, pano ndili 84. Mayi anga amamwa mankhwala a shuga kuyambira kale, amalume anga nawonso. Mankhwala ndi jakisoni wolera basi. Zaka ndili nazo 31.

Nabanda: Zikomo. Pa foni sindingakupimeni, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi chomwe kuchipatala timati akantosisi nigirikansi. Choyamba mumve ichi: si litsiro. Mukhoza kusamba kakhumi pa tsiku, sipangachoke, chifukwa chomwe chada ndi khungu lenilenilo, lakhuthala n'kupindikapindika, ndiye likuoneka lakuda.

Chimalikhuthalitsa nthawi zambiri chimachokera m'magazi. Tikadya nsima, mpunga, buledi kapena tiyi wa shuga, thupi limatulutsa insulini kuti shugayo alowe m'minofu. Mwa anthu ena, makamaka thupi likakula ndiponso ngati shuga ndi ya ku mtundu, minofu imayamba kuuma mutu, siimvera insulini msanga. Thupi limangowonjezera kutulutsa ina. Insulini yochulukayo imafikanso ku khungu n'kulichititsa kumera mofulumira, ndipo zimaonekera poyamba m'malo opindika: kumbuyo kwa khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, nthawi zina pa mfundo za zala. Tinyama tija kawirikawiri timabwerera limodzi ndi zimenezi.

Ndiye chinthu choyamba si mafuta ayi, ndi kukayezetsa shuga. Pitani m'mawa musanadye kapena kumwa tiyi, patatha maola 8 chidyereni, madzi okha ndiwo mungamwe. Mukawaonetse khosilo ndi kuwauza za mayi anu. Akayezenso kuthamanga kwa magazi.

Nachisale: Mayo ine. Ndiye kuti ndili ndi shuga?

Nabanda: Osati choncho. Ambiri a khosi lotere shuga amakhala asanafike, khosi limangotsogola kuchenjeza, nthawi zina zaka zingapo matenda asanabwere. Ena akayezetsa amapezeka ali bwinobwino chifukwa thupi likadakwanitsa kulimbana. N'chifukwa chake ndimakonda munthu akabwera pa nthawi ngati yanuyi, pamene zinthu zikadatheka kubwezedwa.

Aphunzitsi Mwale: Anesi mwandikumbutsa mwana wina wa sitandade 7 yemwe ndinkaphunzitsa. Wonenepa bwino, wanzeru, koma anzake ankamuseka kuti sasamba khosi. Ndivomere kuti nanenso ndinamuitanira pambali n'kumulangiza za ukhondo. Tsiku lina anabwera khosi lili ndi zilonda, amake atamukhula ndi chiguduli cha saka. Mpaka lero zimandipweteka mumtima ndikakumbuka. Kodi ana nawonso zimawachitikira?

Nabanda: Zimawachitikira aphunzitsi, makamaka akamatha msinkhu ndipo thupi lili lalikulu. Koma pa ana pali china chofanana nacho chomwe n'chosavuta. Nthawi zina pakhosi kapena kuseri kwa makutu pamakakamira kachikhungu kofiirira komwe sopo sachotsa. Tengani thonje, nyowetsani ndi sipiriti wa kuchipatala uja, pukutani kamalo kakang'ono motsindika pang'ono. Thonje likada, khungu n'kuyera pomwepo, vuto latha, mungomaliza kupukuta n'kudzoza mafuta. Likapanda kusintha, lekani, musabwereze mawa ndi mkuja, chifukwa sipiriti amaumitsa khungu. Pa khungu losupuka ngati la m'khwapa mwa Nachisale musayese n'komwe.

Make Tadala: Koma Anesi, ine shuga ndilibe, ndine wochepa thupi, ndipo nditasiya rolooni m'khwapa munayeradi. Musandiuze kuti ndinalota.

Nabanda: Simunalote Make Tadala, zanuzo ndi nkhani ina ndipo ndi yomwe imagwira anthu ambiri m'khwapa. Khungu lathu lakudali likapsa mtima ndi chilichonse, kaya kukandika, kutentha, kuyabwa kapena chiphuphu, limayankha potulutsa utoto wambiri pamalopo. Mwaona momwe chiphuphu chimasiyira kadontho kakuda pankhope kwa miyezi? M'khwapa zimachitika zomwezo, kungoti kumeneko timapweteka khungu sabata ndi sabata osalipatsa mpata. Ngati rolooni wina amakuyabwani kapena kukulumani mukangopaka, nthawi zambiri chifukwa cha zonunkhiritsa kapena sipiriti wake, ndiye kuti amakuotchani pang'onopang'ono, ndipo kusiya kunathandiza. Koma si rolooni aliyense kwa munthu aliyense. Yemwe sakumva kuyabwa kulikonse sayenera kutaya wake. Ndikufunseni, nthawi yomwe munasiyayo, kametedwe simunasinthe?

Make Tadala: Mwandigwira pamenepo. Ndinali ndi pakati, ndiye ndinasiyanso lezala, ndinkangodula ndi sizasi chifukwa ndinkachita ulesi. Ndiye sindingadziwe kuti chinathandiza n'chiti. Koma ndimakhulupirirabe kuti rolooni anali ndi mbali yake, chifukwa ndikayambiranso mtundu womwe uja m'khwapa mumatuluka totupa.

Nabanda: Totupato ndi umboni wokwanira kuti mtundu umenewo sugwirizana nanu, musaubwerere. Koma shuga ndi uchi wotikita uja ndikukanani. Kutikita ndi timiyala ta shuga ndi kukhula komwe, kungoti kotsekemera. Khosi la Nachisale lakhulidwa mokwanira.

Za lezala ndinenepo, poti ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timatenga lezala ya pa okala, kumeta pouma kapena ndi sopo wochapira, kubwereza kasanu pamalo amodzi kuti pasalale, kenaka n'kupaka rolooni pomwepo. Kuluma komwe mumamva kuja ndi timabala tosaoneka. Lezala yomweyo timaisiya pawindo la bafa kuchita dzimbiri, n'kudzaigwiritsanso ntchito. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye likametedwa kwambiri limapindika n'kubaya khungu pomera, n'kupanga tiziphuphu tomwe tikapola timasiya madontho. Madontho akachuluka amalumikizana, m'khwapa monse n'kuda.

Chabwino kwambiri ndi kudula ndi sizasi kapena makina ometera, n'kusiya katsitsi kakafupi. Ngati mukufuna kumeta ndithu, metani kumapeto kwa kusamba tsitsi litafewa, ndi lezala yatsopano, thovu likhale lambiri, mutsatire komwe tsitsi lagonera, ndipo musabwereze koposa kawiri. Metani madzulo, rolooni mudzapake mawa lake. Dziwaninso kuti mukangometa, mizu ya tsitsi imaonekera pansi pa khungu ngati mthunzi. Umenewo si utoto ndipo palibe mafuta ouchotsa.

Esime ku Joni: Ndaweruka tsopano. Anaphiri, sindikulimbana nanu, ndikungonena zomwe zinandichitikira. Ine ndinayamba ndi m'khwapa momwemo. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa katchubu, ndikunena zoona masabata awiri munawala. Ndinasangalala, ndinayamba kupaka khosi, mawondo, kenaka thupi lonse. Patatha miyezi isanu ndi umodzi m'khwapa munatuluka mizere ikuluikulu yofiira ngati ya pamimba ya mayi woyembekezera, khungu linapyapyala mpaka mitsempha kumaoneka. Ndikangosiya masiku atatu thupi lonse linkayabwa ngati ndagona pa chitedze, ndiye ndinkayambiranso. M'mphechepeche munatuluka zipere zomwe zinkangokula. Pa zala ndi pa mawondo ndiye panada kuposa kale, chifukwa kwina konse kunayera n'kusiya mfundozo. Adokotala kuno anandiuza kuti m'katchubumo munali kilobetazo, mankhwala amphamvu a matenda a khungu oyenera kupakidwa masiku ochepa okha. Anandisiyitsa pang'onopang'ono. Patha zaka zitatu, mtundu wanga unabwerera, koma mizere ija ilipo mpaka lero ndipo anandiuza kuti siidzatheratu.

Anaphiri: Pepani Esime, sindimadziwa kuti zinafika pamenepo. Koma inu munapaka thupi lonse miyezi yambiri. Ine ndimanena kungopaka pakhosi pokha mpaka chinkhoswe chidutse. Anthu ambiri ndikuwadziwa akupaka ndipo ali bwino.

Esime ku Joni: Inenso ndinkati ndingopaka mpaka Khirisimasi. Vuto ndi loti ukasiya mdima umabwerera mowirikiza, ndiye suona tsiku losiyira.

Nabanda: Esime wanena zoona zokhazokha. Ndingowonjezera kuti m'khwapa ndi malo oipitsitsa opakapo mankhwala amenewo, chifukwa khungu ndi lopyapyala, n'mofunda, ndipo mkono ukatsika mumatsekeka, ndiye mankhwala amalowa ambiri kuposa pa mkono. Werengani pa katchubu kapena pa botolo. Mukaona kilobetazo kapena betametazoni, si mafuta odzola amenewo. Haidirokwinoni, mankhwala ena oyeretsa khungu, madokotala amalemba nthawi zina, kwa miyezi yowerengeka ndipo akukuyang'anirani, koma wopakidwa zaka amasiya mdima wina wobiriwira ngati wa makala womwe suchokanso. Sopo ndi mafuta ena amakhala ndi mekyule yemwe amawononga impso ndipo amafika kwa mwana woyamwa. Zosakanizidwa kale m'botolo lopanda dzina ndiye simungadziwe n'komwe zomwe zilimo. Ndipo kwa Nachisale, Anaphiri, mafutawo sangafike pa gwero, chifukwa vuto lake ndi kukhuthala kwa khungu kochokera m'kati.

Che Jafali: Salaamu kwa nonse. Kodi amuna tikhoza kufunsa nawo? Ine khosi lilibe vuto, koma mawondo, zigongono ndi pa kakolo wa kumanzere ndi zakuda bii, zokhakhala ngati khungu la ng'ona. Ndimakonza magalimoto, tsiku lonse ndimagwada pa simenti, komanso ndimaswali kasanu pa tsiku. Mwandiopseza ndi nkhani ya shugayi. Nanenso ndithamangire kuchipatala?

Gogo Nasibeko: Ana inu, mawondo akuda ndi matenda kuyambira liti? Ife tinakula tikuzira nyumba chogwada, kusinja, kupereka madzi kwa akulu chogwada. Panalibe mkazi wa mawondo oyera m'mudzi monse. Tinkangodzola mafuta a nsatsi basi. Bondo ndi bondo, linapangidwa kuti lizigwira ntchito.

Nabanda: Agogo anena chinthu chomwe ndimafuna anthu amve. Pa bondo ndi pa chigongono khungu ndi lokhuthala mwachibadwa, lili ndi makwinya kuti mfundo izipinda, ndipo silitulutsa mafuta ambiri. Mukawongola mwendo makwinyawo amasonkhana, pamaoneka pakuda. Pindani bondo muone, pamayererako pomwepo. Kwa munthu wakuda bondo silidzafanana ndendende ndi ntchafu, ndipo wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu.

Che Jafali, zanuzo ndi za kukhuzika, khungu likudziteteza ngati chikhatho cha mlimi. Pa kakolopo ndi pomwe mumakhalira poswali. Si chizindikiro cha shuga, ngakhale kuyezetsa kamodzi n'kwabwino kwa aliyense amene wapitirira zaka 40. Chomwe mungachepetse ndi kukhakhalako, ndipo pakasalala mdima umachepanso. Ku galaja pezani chidutswa cha matiresi akale kapena katoni yopinda muzigwadira, ndipo mkeka woswalira ukhale wokhuthala. Mukasamba musadikire kuuma, dzolani khungu likadali lonyowa pang'ono. Ku famase funsani mafuta okhala ndi yuriya 10 peresenti, amafewetsa khungu louma popanda kukanda. Pakani madzulo, pamwamba pake n'kuikapo vaselini pang'ono. Ngati yuriya palibe kapena wadula, gilisalini wosakaniza ndi madzi pang'ono, kenaka vaselini, amathandizanso ngakhale mochedwerapo. Mafuta a nsatsi a agogo aja amagwira ntchito yomweyo ya vaselini, yotsekera chinyezi. Kufewa mudzakumva m'masabata awiri, koma mtundu umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mukangobwerera pa simenti zimabwereranso.

Che Jafali: Nanga mwala? Ine Lachisanu lililonse ndimakhula ndi mwala mpaka pamayera mbuu.

Nabanda: Kuyera mbuu kumeneko ndi khungu lokandika, pofika Lolemba limakhala lada kuposa kale. Mwala usiyireni zidendene. Pa mawondo kansalu kofewa n'kokwanira. Koma mukaona pa chigongono kapena pa bondo pali chigamba chokhala ndi malire, chokwera, chomwe mukachikanda chimagwetsa mamba oyera, chimenecho si cha kugwada, kachionetseni.

Gogo Nasibeko: Anamwino, poti mwatchula khosi. Mwana wa mchemwali wanga kumudzi khosi lake linada kuzungulira kutsogolo kuno mpaka pachifuwa, ndi kuseri kwa manja komwe, khungu kumasendeka ngati wapsa ndi moto. Koma iyeyo ndi woonda zedi, amamwa kachasu, ndipo m'mimba simumuleka. Ndi shuga yomweyo?

Nabanda: Agogo, ameneyo apite kuchipatala sabata ino, asadikire. Zomwe mwafotokozazo zikumveka ngati pelagira, matenda osowa vitamini wina wotchedwa nayasini. Amagwira anthu odya nsima yokhayokha popanda ndiwo zokwanira monga mtedza, nyemba, usipa kapena nyama, ndipo mowa umawonjezera. Amaonekanso mwa ena omwe akumwa aisoniazidi, mankhwala oteteza ku chifuwa chachikulu. Kusiyana kwake n'koonekeratu: pelagira amada pomwe dzuwa limawomba, kutsogolo kwa khosi, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi, pamasendeka ndi kuwawa, pamene za Nachisale zili m'malo obisika ndipo n'zofewa. Amachizika ndi mapiritsi, koma akalekerera amasokoneza mutu ndipo amapha. Ngati akumwa mankhwala ena alionse asasiye yekha, akawatenge pokaonana ndi adokotala.

Nachisale: Anzanga ndabwerako. Ndinapita dzulo m'mawa osadya kanthu monga munanenera. Anandibaya chala, makina analemba 112. Magazi akuti akuthamanga bwino. Adokotala anayang'ana khosi n'kutchula dzina lomwe lija Anesi analemba. Akuti shuga sinafike koma ili pakhomo, ndichepetse thupi ndipo ndikabwerenso pakatha miyezi itatu. Mankhwala sanandipatse. Pamzere panali anthu ambiri ndiye sindinafunse zambiri. 112 ameneyu ndi woipa bwanji?

Nabanda: Mwachita bwino kupita. Makina anuwo amawerenga mu mg/dL. Munthu asanadye, pansi pa 100 ndi bwino. Kuyambira 126 kupita m'mwamba, zikapezeka kawiri pa masiku osiyana, timati ndi matenda a shuga. Inu muli pakati. Makina ena amawerenga mu mmol/L, pamenepo 112 wanuyo ndi 6.2 ndipo malire a matenda ndi 7.0, ndiye musadzadabwe mukadzayezetsa kwina n'kuona nambala yaing'ono. Muzilemba m'buku lanu la kuchipatala nambala ndi tsiku.

Kuchepetsa thupi komwe akunena si kubwerera pa 66 ayi. Kwa inu a makilogalamu 84, kutsitsa 4 mpaka 6 kumasintha kale momwe thupi limamverera insulini. Tandiuzani zomwe mumadya pa tsiku wamba.

Nachisale: M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri kapena buledi. Ndimagulitsa mu shopu, ndiye masana ndimagula tchipisi ndi chakumwa cha m'botolo, kukatentha mabotolo awiri. Madzulo nsima ya ufa woyera mitanda itatu, ndiwo zilizonse zomwe zapezeka.

Nabanda: Yambani ndi zakumwa, chifukwa ndi pomwe shuga amalowa wambiri osakhutitsa. Botolo limodzi laling'ono limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi asanu ndi awiri kapena kuposa. Limenelo lisiyeni, mutenge madzi kunyumba. Tiyi tsitsani supuni imodzi sabata iliyonse kuti lilime lizolowere. Thobwa wothira shuga ndi majuwisi musawayese abwino, ndi gulu lomwelo. Nsima simukuletsedwa, koma mitanda iwiri ya mgaiwa, masamba akhale ambiri kuposa nsima, ndi nyemba, usipa kapena dzira. Masana chimanga chootcha chimodzi, mtedza kapena zotsala za kunyumba ziposa tchipisi. Ndipo yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Ngati mumakwera minibasi popita ku shopu, tsikirani siteji imodzi musanafike. Za jakisoni wolera, ena amanenepa naye, ena ayi. Musasiye nokha, koma mukapita tsiku lanu mukawauze za 112 ameneyu ndi makilogalamu omwe mwawonjezera, mukambirane ngati njira ina ingakuyenereni.

Pa khungupo zochita n'zochepa. M'khwapa mosupukamo vaselini yekha mpaka mutapola, osameta, osapaka rolooni. Pakhosi sambani ndi manja ndi sopo wosanunkhira kwambiri, pukutani mosisita pang'ono, m'mapindo muume. Mkanda wachitsulo ndi kolala yothina zipumuleni. Pakapola bwino, yuriya yemwe ndauza Che Jafali mukhoza kupaka pakhosi madzulo, amasalazako kukhuthala kuja. Akaluma kapena pakafiira, dumphitsani masiku. Tinyama tija musamange ndi ulusi kapena kudula ndi lezala, kuchipatala amachotsa bwinobwino.

Nachisale: Ndamva zonse Anesi. Koma ndifunse mosabisa, pofika chinkhoswe lidzakhala litayera?

Nabanda: Ndikuyankhani mosabisanso: ayi. M'miyezi iwiri m'khwapa mudzapola, mdima wa mandimu uja udzayamba kuzilala, ndipo khosi likhoza kusalalako. Koma mtundu wa pakhosi umatsatira thupi, umatenga miyezi yambiri, kwa ena chaka. Ndaonapo ena litayereratu atatsika thupi, ndaonaponso ena litangochepa osatheratu ngakhale shuga wawo atabwerera m'malo. Sindingakulonjezeni kuti inu mudzakhala mbali iti.

Make Tadala: Asisi, telala akhoza kukuikirani timanja ta lesi pa diresiyo, ndi ntchito ya tsiku limodzi. Tsitsi mudzaluke logwera kumbuyo. Koma Anesi, ine ndili ndi pakati m'khwapa ndi khosi zinadanso pang'ono ndisanasiye lezala muja, ndi mzere wa pamimba womwe. Si mwina za Nachisale n'za uchembere chabe, poti zinayamba atabereka?

Nabanda: Mimba imadetsadi malo amenewo, koma khungu limakhala losalala ndipo zimazilala zokha m'miyezi ingapo mwana atabadwa. Zake zakhuthala, zatha zaka ziwiri zikuwonjezeka, ndipo 112 uja wayankha kale. Poti mwatchula mimba: woyembekezera asapake mafuta a retinolo kapena tiretinoini omwe ena amagulitsira madontho akuda.

Aphunzitsi Mwale: Ine ndili ndi langa laling'ono. M'khwapa mwa kumanja mokha muli chigamba chofiirira chokhala ndi malire, chimayabwa nyengo yotentha ya Okutobala ndikatuluka thukuta, ndipo chimachita timamba tofewa. Sindimeta ndi lezala, thupi ndi lochepa. Chimenechi chikugwa mbali iti?

Nabanda: Mbali imodzi yokha, malire ooneka, timamba ndi kuyabwa, zimenezo zimaloza ku tizilombo ta pakhungu, kaya mafangasi ngati a chipere kapena mabakiteriya ena okonda malo a thukuta. Poyamba mukhoza kuyesa kilotirimazo wa ku famase, kawiri pa tsiku kwa masabata awiri mpaka anayi, kupitiriza sabata imodzi chitaoneka kuti chatha. Muonetsetse kuti ndi kilotirimazo yekha, chifukwa machubu ambiri amasakaniza ndi betametazoni, yemwe amaziziritsa kuyabwa koma tizilombo n'kumafalikira pansi. Malaya a mkati akhale a thonje, musinthe tsiku lililonse, thaulo musabwerekane. Chikapanda kusintha pakatha masabata anayi kachionetseni, mwina chikufuna mankhwala a mabakiteriya. Tizilombo tikafa banga limatsalira kwa miyezi, musapitirize kupaka chifukwa cha mtundu wokha.

Ndisanaiwale, pali mtundu umodzi wa khosi lakuda womwe sufuna kudikira. Munthu wamkulu, wosanenepa, khungu n'kuda ndi kukhuthala mofulumira m'masabata kapena miyezi yochepa, mpaka m'zikhatho kapena m'milomo, uku akuonda osadziwa chifukwa. Sizichitika kawirikawiri, koma zikhoza kuchokera ku chotupa cha m'mimba, ndiye ameneyo apite msanga.

Anaphiri: Ine ndamva, za m'khwapa ndi khosi sindidzauzanso munthu. Koma pa mawondo ndiye sindinakhutire. Mwana wanga wamkazi sagwada pa simenti, amagwira ntchito mu ofesi, amadzola tsiku lililonse, koma mawondo ndi akuda kuyambira ali mwana. Yuriya ameneyo adzamuthandiza chiyani?

Nabanda: Ngati ndi osalala, osayabwa, ndipo ali choncho chibadwire, mwina sadzasintha kwenikweni Anaphiri. Yang'anani mawondo a bambo ake kapena anu.

Anaphiri: Ndi a bambo ake enieni. Koma mtsikanayo sangamve zimenezo, ndimudziwa.

Esime ku Joni: Mupatseni foni awerenge zomwe ndalemba zija. Akafuna ndimutumizira chithunzi cha m'khwapa mwanga kumbali, aone yekha.

Nachisale: Lero ndi tsiku lachinayi osagula botolo. Mutu unandiwawa masiku awiri oyamba koma pano wasiya. M'khwapa mwauma, simukulumanso. Ndauzanso mng'ono wanga wa chinkhoswe uja kuti tikapite limodzi akayezetse, chifukwa dzulo pomuyesa diresi ndaona kuti naye kumbuyo kwa khosi kwayamba kamzere komweko. Anesi, yuriya ndayendera mafamase awiri sindinamupeze, wina anandionetsa wa 40 peresenti wa zidendene. Ndigule ameneyo ndizipaka pang'ono?

Nabanda: Ayi, wa 40 ndi wamphamvu kwambiri pakhosi, akhoza kukusupulani. Funsani mafuta odzola a khungu louma kwambiri, muwerenge kumbuyo kwa botolo, ambiri amakhala ndi yuriya 5 kapena 10 peresenti ngakhale sanalembe kutsogolo. Mukasowa, pitirizani ndi gilisalini ndi vaselini. Mng'ono wanuyo mumuuze apite asanadye.